Khutu silibwerera m'mbuyo: za kuwerenga pepala pamaso pa anthu

Mafumu athu, azibusa ndi akatekisiti, aphunzitsi, alembi a mabairo, amayi ndi abambo. Ndithokoze mwapadera inu amene mwalawira m'mamawa kuchokera ku Zóbuè. Msewu umenewu ndimaudziwa, ndi malole ake opita ku Mwanza, ndipo ndikudziwa kuti simunabwerere zachibwana.

Ambiri a inu muli ndi ntchito imodzi yofanana, ngakhale maudindo anu ndi osiyana. Munthu amakupatsani pepala m'manja, inu n'kuimirira, n'kuwerengera anthu. Wina amawerenga zolengeza za mpingo mapemphero akamatha. Wina amawerenga mbiri ya malemu pa maliro. Wina amawerenga kalata yochokera ku boma pansi pa mtengo wa mango. Anthu a kuno ku Moatize, m'bairo la 25 de Setembro, safunika kuwauza kulemera kwa pepala lowerengedwa pa msonkhano. Mabanja ambiri a muno anabwera m'zaka za 2009 ndi 2010, pamene mgodi wa malasha unasamutsa anthu ku Chipanga ndi midzi yoyandikana nayo, ena kubwera kuno, ena kupita ku Cateme. Nkhani za nyumba, za minda, za tsiku losamuka, ambiri anazimvera m'makutu. Zimene munthu wamva pa msonkhano wotero ndi zimene amapita nazo kwa banja lake.

Choncho ndikufuna tikambe chinthu chimodzi chokha lero. Pepala limalembedwera diso, koma inu mumaliwerengera khutu, ndipo ziwirizi sizigwira ntchito mofanana.

Diso lili ndi ufulu uwiri umene khutu lilibe. Likhoza kuima pamene lafuna. Likhozanso kubwerera. Mukamawerenga kalata panokha n'kusokonezeka, mumabwerera mizere iwiri osazindikira n'komwe kuti mwabwerera. Mayi amene wakhala kumbuyo kwa msonkhano, mwana ali kumsana, sangachite zimenezo. Mawu anu akamudutsa, amudutsa basi. Sangakuimikeni, chifukwa ulemu sulola. Ndiye ufulu uwiriwu muyenera kumupatsa ndinu. Chiganizo chachifupi chimamupatsa poima. Kubwereza kumamupatsa kubwerera. Nkhani yanga yonse yagona pamenepo, zotsalazi ndi kuonetsa mmene zimachitikira.

Tiyambe ndi kukula kwa chikhatho cha khutu, ndikutanthauza kuchuluka kwa mawu amene munthu angagwire m'mutu asanawamvetse. Mu 1975 akatswiri atatu a ku Britain, Alan Baddeley ndi anzake Thomson ndi Buchanan, anayesa zimenezi. Ankapatsa anthu mndandanda wa mawu kuti awabwereze motsatana. Anapeza kuti mawu aafupi anthu amakumbukira ambiri, mawu aatali amakumbukira ochepa, ndipo malire ake ndi a nthawi: munthu amasunga mawu ochuluka ngati amene iye angatchule m'masekondi awiri, kapena pafupi pamenepo. Masekondi awiri okha! Tanenani chamumtima kuti "sitinawapezenso". Liwu limodzi limenelo ladya kale sekondi yathunthu. Chilankhulo chathu chimamanga zambiri m'liwu limodzi: wochita, nthawi, wochitiridwa, kukana, zonse m'thumba limodzi. N'chifukwa chake malangizo ochokera kwina onena kuti chiganizo chisapitirire mawu akutiakuti satikwanira. Ife tiyenera kuyeza ndi mpweya ndi nthawi.

Izi sizikutanthauza kuti munthu sangamve chiganizo chopitirira masekondi awiri. Amamva, chifukwa akangomvetsa kachigawo, mawu ake amawataya n'kusunga tanthauzo. Zili ngati kudya nsima: umatema mbamu, kumeza, kenako kutemanso. Vuto limabwera ndi chiganizo chimene sichikulola kumeza. Chimakupatsa mbamu yoyamba n'kuti dikira, yachiwiri n'kuti dikirabe, yachitatu, yachinayi, ndipo mneni amene akanamasula zonsezo ali kutali kumapeto. Womvera amayamba kutaya zoyamba zija kuti apeze malo a zatsopano.

Ndakonza chitsanzo, chofanana ndi mapepala ambiri amene ndawaona akuwerengedwa. Pamwamba pa pepala palembedwa mutu wakuti katemera wa chikuku. Pansi pake pali chiganizo ichi. Mvetserani ngati mmene anthu anu amamvetserera inu.

"Potsatira zimene zinakambidwa pa msonkhano wa atsogoleri umene unachitika sabata yatha, ndiponso poona kuti matenda a chikuku ayamba kumveka m'madera oyandikana nafe, makolo onse amene ali ndi ana osapitirira zaka zisanu, kupatula okhawo amene analandira kale mwezi watha, akupemphedwa kuti, popeza sadzalipira kanthu, adzafike ndi ana awo pamodzi ndi makadi a sikelo pa bwalo la sukulu Lachiwiri kapena Lachitatu kuyambira 8 koloko m'mawa."

Pa pepala chiganizochi chilibe cholakwa chachikulu, ndipo wolemba wake anafuna ulemu ndi dongosolo. Chili ndi mawu 63. Kuchiwerenga modekha kumatenga pafupifupi theka la mphindi, ndipo inu mwandiona ndikupuma pamalo osayenera. Mneni wake wamkulu, "akupemphedwa", ndi liwu la nambala 39. Tsiku limene anthu ayenera kubwera likutuluka pa liwu la nambala 57. Mawu 22 oyambirira, pamene makutu akadali atsopano, awonongedwa pa msonkhano wa atsogoleri ndi zifukwa, makolo asanatchulidwe n'komwe. Mayi uja wakumbuyo sanadziwe kuti nkhaniyi ndi yake mpaka itafika pakati.

Palinso china chimene mwina simunachione. Liwu lakuti katemera mulibe m'chiganizo chonsecho. Linali pa mutu wa pepala, ndipo diso la wolemba linkaliona nthawi zonse, koma owerenga ambiri mutu amaudumpha. "Amene analandira kale": analandira chiyani? Nanga analandira ndani, makolo kapena ana? Diso limadzikonzera lokha zimenezi. Khutu limangotsala ndi funso, ndipo pamene likuganizira funsolo, tsiku ndi malo zadutsa.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa liwu lakuti "sadzalipira". Taonani mmene kukana kulili kopepuka m'chilankhulo chathu. Adzalipira, sadzalipira: kusiyana kwake ndi kalilime kamodzi koyambirira. Mubwere, musabwere: kaphatikizo kamodzi pakati. Lole ikadutsa pa msewu, mwana akalira, chimkuzamawu chikatsamwa kwa kamphindi, munthu wina akakhosomola, "sa" uja wapita. Ndipo choopsa chake n'chakuti chotsalacho ndi liwu labwinobwino. Womvera sadziwa kuti waphonya kanthu. Wamva kuti adzalipira, wakhulupirira, wapita kukauza mnzake, ndipo Lachiwiri amayi awiri akhala kunyumba chifukwa alibe ndalama. Zinandichitikirapo ine. Ndinawerenga chilengezo chokhala ndi kukana kumodzi kotereku, m'nyumba ya malata mvula ikugwa, ndipo mawa lake ndinakumana ndi agogo ena atamanga ndalama pansonga ya chitenje kudzalipira chinthu chaulere. Anali atabwereka. Kuyambira tsiku limenelo sindilola kuti uthenga wolemera uime pa "si" kapena "sa" yekha.

Tsono tiyeni tilikonze pepalali.

"Makolo, mverani za katemera. Katemera wa chikuku wabwera. Ndi wa ana osapitirira zaka zisanu. Tsiku lake ndi Lachiwiri. Amene alephere Lachiwiri, abwere Lachitatu. Malo ndi pa bwalo la sukulu. Tidzayamba 8 koloko m'mawa. Tengani mwana, tenganinso khadi lake la sikelo. Katemerayu ndi waulere. Simudzalipira. Ndalama musiye kunyumba. Mwana amene analandira mwezi watha, ameneyo zake zinatha, asabwerenso. Tikufulumira chifukwa chikuku chamveka m'madera oyandikana nafe. Ndibwereze. Katemera wa chikuku. Lachiwiri ndi Lachitatu. Pa bwalo la sukulu. 8 koloko. Waulere."

Choyamba muone kuti mawu achuluka kuposa poyamba paja. Ziganizo zazifupi sizitanthauza kulankhula kwakufupi. Nthawi yawonjezeka pang'ono, ndipo imeneyo ndi nthawi imene diso likanagwiritsa ntchito pobwerera.

Chimene ndachita n'chosavuta. Ndayamba ndi kuitana eni ake a nkhani, makolo. Dzina la nkhaniyo, katemera, ndalitchula kanayi, ndipo sindinalisinthe kuti mwina jekeseni, mwina mankhwala, mwina chithandizo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu, ndipo pa chimangirizo ndi zoona. Pa msonkhano, ukasintha liwu, womvera amaganiza kuti wasintha chinthu: amafunsa ngati jekeseniyo ndi yosiyana ndi katemera uja. Dzina la chinthu likhale limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pa za kulipira ndachita zosiyana. Apa liwu ndalisintha dala. Ndanena kuti ndi waulere, ndanena kuti simudzalipira, ndanena kuti ndalama musiye kunyumba. Njira zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zilibe kukana m'kati mwake. Lole ikameza "si", "waulere" adzapulumuka. Chimodzimodzi ndi "asabwerenso": ndaika patsogolo pake "zake zinatha", kuti kukanako kukhale ndi mnzake womuchitira umboni. Ndiye kubwereza kuli mitundu iwiri. Dzina, tsiku, malo ndi nambala, bwerezani ndi mawu omwewo. Lamulo, chenjezo ndi kukana, bwerezani ndi mawu ena.

Pali chifukwa chinanso, cha chilankhulo chathu chokha, ndipo ichi chimakhudza inu owerenga. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, koma polemba sitionetsa zimenezo. Mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pa msika timalemba chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. "Ndimathandiza" akhoza kukhala wa masiku onse, akhozanso kukhala wa zimene ndimachita dzulo, malinga ndi pamene mwakweza. Wowerenga ayenera kudziwa tanthauzo asanatsegule pakamwa. Chiganizo chikakhala chachifupi, diso lanu limachiona chonse kamodzi, pakamwa n'kutchula bwino. Chikakhala cha mizere isanu, mumayamba kutchula musanadziwe kumene chikupita, ndipo ndi pamene timamva wowerenga akuima, n'kubwerera, n'kukonza. Akatswiri a chilankhulochi, monga Al Mtenje ndi Laura Downing m'buku lawo la mu 2017, amafotokozanso kuti pothera pa kachigawo ka mawu timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tanenani "waulere" pomaliza chiganizo, mumva "le" akutalika. Kukoka kumeneko ndi mpumiro wa khutu, ndiko kumauza womvera kuti meza tsopano. Wowerenga akapuma pakati pa ganizo chifukwa mpweya wamuthera, amakoka pamalo olakwika, ndipo womvera amameza chinthu chosapsa.

Kuno kwathu pali munthu winanso amene timamuiwala, womasulira. Pepala limabwera m'Chipwitikizi. Ku Moatize ambiri amva Chinyungwe, ku Zóbuè Chichewa, ndipo pa msonkhano umodzi pamakhala onse. Womasulira alibe pepala. Mukamupatsa chiganizo cha theka la mphindi, sangachinyamule chonse, ndipo amanena chidule chake, ndiye kuti zazing'ono monga "kupatula" ndi "ngati" ndi zimene zimagwa. Mumupatse ganizo limodzi lathunthu, muime, amalize, mupitirize. Musamadule pakati pa ganizo poganiza kuti mukumuthandiza, chifukwa sangamasulire theka la chinthu chimene sakudziwa mathero ake.

Dzina la bairo lino likutikumbutsa 25 Seputembala 1964, tsiku limene nkhondo yomenyera ufulu inayambika ku Chai, ku Cabo Delgado. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kalankhulidwe ka Samora Machel. Mu Meyi ndi Juni 1975 iye anayenda dziko lonse kuchokera ku Rovuma kukafika ku Maputo, akulankhula ndi makamu chigawo ndi chigawo, ufulu usanalengezedwe pa 25 Juni. Vuto lake linali lofanana ndi lanu, koma lalikulu. Ankalankhula Chipwitikizi m'dziko limene, malinga ndi kalembera wa mu 1980, munthu mmodzi yekha mwa anayi ndi amene ankachilankhula. Olemba mbiri awiri, Colin Darch ndi David Hedges, anamvetsera mawu ojambulidwa a zimene analankhula ku Beira pa 14 Juni 1975, n'kuzilemba monga zinatulukira pakamwa. Zikawerengedwa pa pepala zimaoneka zobwerezabwereza. M'bwalo muja ndi zimene zinagwira anthu. Ankapeputsa Chipwitikizi chake, ankanena ganizo n'kulinenanso, ankaima n'kufunsa khamu kuti ndi choncho kapena si choncho, khamu n'kuyankha. Funso limenelo linkagwira ntchito ziwiri. Linkapatsa anthu nthawi yomeza, ndipo linkamuuza iye ngati anthu akadali naye.

Nzeru imeneyi sanayambitse ndi Samora. Agogo athu poimba nthano ankaima pa kachigawo kalikonse kuti ana ayankhe kuti tili tonse, ndipo "tili tonse" akayamba kufooka ankadziwa kuti ana akusinza kapena asokera. Ngakhale Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo ku Girisi, anazindikira kuti kubwereza mawu kumene anthu amakudzudzula m'zolembedwa ndi kumene olankhula pagulu amagwiritsa ntchito, ndi kuti kalembedwe ka zowerenga pawekha n'kosiyana ndi ka zolankhula.

Ndiyenera kunenanso kuipa kwake, chifukwa ndimakuona. Funso lakuti "ndi choncho kapena si choncho" lili ndi yankho limodzi lokha pamaso pa munthu wamkulu. Khamu likhoza kuvomera mwamphamvu chinthu chimene silinamve, ngakhale chimene silikugwirizana nacho. Kubwereza kumalowetsa bodza m'mutu mofanana ndi mmene kumalowetsera choonadi. Choncho mukafuna kudziwa ngati anthu amva, musafunse kuti "mwamva?" Adzati eya chifukwa cha ulemu. Funsani kuti "Katemera ndi liti?" Akayankha kuti Lachiwiri, mwapindula kawiri: mwadziwa kuti amva, ndipo amene sanamve amvera kwa anzawo.

Kulakwitsa kwina ndi kubwereza zosayenera. Ndamvapo munthu akutchula maudindo a alendo katatu, kuthokoza kanayi, koma tsiku la msonkhano n'kulitchula kamodzi, mothamanga, akupinda pepala. Ulemu kwa mafumu ndi akuluakulu ndi woyenera, uperekedwe mokwanira poyamba. Ukatha, kubwereza kusungireni zinthu zimene anthu ayenera kupita nazo kunyumba, ndipo zimenezo zisachuluke. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mukabwereza zinthu khumi, anthu sadziwa chachikulu. Ine ndimasankha zitatu kapena zinayi, ndipo chilichonse ndimachinena katatu: poyamba, pakati pamodzi ndi chifukwa chake, ndi pomaliza chili chokha.

Musapitenso mbali inayo n'kudula zonse ngati nkhuni. Ziganizo zazifupi zokhazokha, zofanana msinkhu, zimatopetsa ngati kulira kwa chigayo, ndipo pa maliro zimamveka zouma mtima. Chiganizo chachitali si mdani ngati chikuyenda chamtsogolo. Tamverani ichi: "Malemu anabadwira ku Zóbuè, anakulira kwa amalume awo, anabwera ku Moatize ali mnyamata, nagwira ntchito ya njanji mpaka atakalamba." Ndi chachitali, koma kachigawo kalikonse kakwanira pakokha, mukhoza kupuma paliponse, ndipo palibe chimene womvera akusunga podikira. Chimene chimapha ndi chiganizo chimene chimatsegula khomo, n'kutsegula lina m'kati mwake, n'kutsegulanso lina, loyamba lija lisanatsekedwe. Zizindikiro zake ndi mawu oyambira monga "potsatira", "poona kuti", "malinga ndi", ndiponso "amene" wobwera kawiri kapena katatu mneni wamkulu asanafike. Mukaziona, dziwani kuti pamenepo pafunika mpeni. Mawu olumikiza maganizo, monga "chifukwa", "koma" ndi "choncho", musawataye podula. Ndi amene amaonetsa njira. Ingowaikani kumayambiriro kwa chiganizo chatsopano.

Wina afunsa kuti, nanga pepala likakhala la boma kapena la bwalo la milandu, limene sindiloledwa kusintha? Funsoli ndi loona. Pepala lotero liwerengeni monga lalembedwera, liwu ndi liwu, mutawauza anthu kuti awa ndi mawu a kalata. Mukamaliza munene kuti, tsopano ndinene m'mawu athu, ndipo mupereke zinthu zitatu kapena zinayi zija. Anthu adziwe pamene kalata yathera ndi pamene inu mwayambira, kuti mawa wina asadzanene kuti boma linalonjeza chimene munanena ndinu. Mukapeza mawu amene inu simunawamvetse, musawapeputse mongoganizira. Funsani kumene kalata yachokera msonkhano usanachitike.

Kukonzekera kwake ndi kwa madzulo a dzulo lake, ndipo kumafuna pensulo yokha. Werengani pepalalo mokweza, mutaimirira, ndi liwu limene mudzagwiritse ntchito pabwalo, chifukwa liwu lokweza limadya mpweya wambiri kuposa lonong'ona. Paliponse pamene mpweya wakutherani, lembani kamzere. Kamzereko kakagwera pakati pa ganizo, chiganizocho chidulidwe. Zungulizani "si" ndi "sa" aliyense amene akunyamula lamulo, ndipo pambali pake mulembe njira yachiwiri yonenera. Manambala alembeni monga mudzawatchulire, ndipo tsiku likhale ndi dzina lake, Lachiwiri, osati deti lokha. Kenako itanani munthu wa pakhomo amene pepalalo sanalione, kaya ndi mayi a kunyumba kaya mwana wa kalasi 6. Muwerengereni kamodzi kokha. Tembenuzani pepala. Mufunseni kuti, ndani ayenera kupita, apite kuti, liti, atenge chiyani. Chimene walephera kuyankha, bwererani nacho pa pepala.

Alembi agawa mapepala awiri kwa aliyense, lina la zolengeza za mpingo, lina la mbiri ya maliro. Khalani awiriawiri, wa ku Moatize ndi wa ku Zóbuè. Mmodzi awerenge, mnzake atembenukire kumbali, amvetsere osaona pepala.